Mpata umene malipoti a phindu amasiya pa mtengo wa masheya

Makampani amene masheya awo amagulitsidwa pamisika ya ku America amatulutsa lipoti la momwe malonda ayendera pa miyezi itatu iliyonse. Ambiri amalitulutsa msika wa ku New York usanatsegule 9:30 m'mawa, kapena utatseka kale 4 koloko madzulo. Anthu amaliwerenga msika uli chitsekere n'kusintha maganizo, ndiye kukacha malonda amayambira pa mtengo wotalikirana ndi umene anatsekera dzulo lake. Pa tchati pamatsala malo opanda kanthu, ndipo malowo ndiwo mpata.

Chimene chimagwedeza mtengo si kukula kwa phindu pakokha, koma kusiyana kwake ndi zimene anthu amayembekezera. Pa 2 February 2022, sheya ya Meta, kampani ya Facebook, inatsekera pa madola 323. Madzulo omwewo kampaniyo inalengeza phindu loposa madola 10 biliyoni, komanso inaulula kuti chiwerengero cha anthu olowa pa Facebook tsiku ndi tsiku chatsika koyamba chiyambire. M'mawa mwake sheyayo inayambira cha pa madola 245.

Ochita malonda motsatira matchati amadziteteza ndi lamulo lotchedwa stop-loss, loti masheya awo agulitsidwe mtengo ukangotsika kufika pamene iwo asankha. Mpata umalilumpha lamuloli. Munthu amene anagula masheya 100 pa madola 323 n'kuika lamulo lake pa 310 ankadziwa kuti zikavuta ataya madola 1,300. Koma msika utatsegula panalibe wogula pa 310, choncho masheya ake anapita pa mtengo umene unalipo, wa 245, ndipo anataya madola 7,800. N'chifukwa chake ambiri amayamba aona tsiku la lipoti asanagule, ndipo tsikulo likayandikira amagulitsiratu kapena kuchepetsa masheya awo.

Mpata ukachitika, ozolowera sathamanga. Amadikira mphindi 15 kapena 30 zoyambirira, n'kulemba mizere iwiri pa tchati: wina pamene mtengo unakwera kwambiri m'mphindizo, wina pamene unatsikitsitsa. Mtengo ukabowola mzere wa mbali imene mpata unalowera, masheya ogulitsidwa n'kukhala ochuluka kuposa masiku onse, amati ulendo ukupitirira ndipo amautsatira. Ukabwerera kulowa mumpata, amayembekezera kuti mwina ukafika pamene unatsekera dzulo, zimene amati kutseka mpata.

Pali chikhulupiriro chakuti mpata uliwonse umatsekeka, ndipo chasaukitsa anthu ambiri. Timipata tating'ono tobwera popanda nkhani yeniyeni timatsekekadi msanga, koma mpata wa lipoti umasonyeza kuti anthu asintha momwe amaionera kampaniyo. Sheya ya Meta inapitiriza kugwa mpaka kutsika pansi pa madola 90 mu November 2022, ndipo inadzafikanso pa 323 mu July 2023, patadutsa pafupifupi chaka ndi theka.