Pamene Nkhongole ya 5 Peresenti Idula Kuposa ya 7 Peresenti

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, alimi ambiri amene anaphunzira pano amabwera ndi mapepala a obwereketsa ndalama, namafunsa kuti pa awiri kapena atatu amene awapeza, wotchipa ndi uti. Kawirikawiri amakhala atasankha kale mumtima mwawo, ndipo amene amusankha ndi uja wolemba nambala yaing'ono ya chiwongoladzanja. Nambalayo payokha siingakuuzeni mtengo wa nkhongole. Muyenera kudziwanso kuti chiwongoladzanjacho akuchiwerengera pa ndalama ziti, kuti akudulani zingati musanalandire, ndiponso kuti ndalamazo zikhala m'manja mwanu kwa nthawi yaitali bwanji. Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekezera, koma kawerengedwe kake ndi kamene mudzakumana nako.

Tinene kuti mufuna K3,000 yogulira fataleza ndi mbewu. Wobwereketsa woyamba akuti chiwongoladzanja chake ndi 5 peresenti pamwezi, ndipo mudzabweza m'miyezi 6. Wachiwiri akuti 7 peresenti pamwezi, miyezi 6 yomweyo. Aliyense angathamangire kwa woyambayo.

Funso loyamba kumufunsa ndi lakuti 5 peresentiyo ndi ya ndalama ziti. Iye amawerengera pa K3,000 yonse imene munatenga poyamba, mwezi uliwonse, osayang'ana kuti mwabweza zingati. Motero mwezi uliwonse chiwongoladzanja ndi K150, ndipo m'miyezi 6 chikwana K900. Mudzabweza K3,900, kutanthauza K650 mwezi ndi mwezi. Pa K650 imeneyi, K500 ndi yochepetsa nkhongole yeniyeniyo, K150 ndi chiwongoladzanja. Tsono taonani mwezi wotsiriza: zimene zatsala kwa inu ndi K500 yokha, koma mukulipirabe K150 ngati kuti K3,000 yonse ili m'thumba mwanu. Mukulipira lendi ya nyumba yonse pamene mwatsala ndi chipinda chimodzi.

Wachiwiri uja amawerengera pa ndalama zimene zatsala. Mwezi woyamba muli ndi K3,000, ndiye 7 peresenti yake ndi K210. Mukabweza K500, zitsala K2,500, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri ndi K175. Chimapita chikutsika ndi K35 mwezi uliwonse: K140, K105, K70, mpaka K35 pa mwezi wotsiriza. Mukaphatikiza zonse mupeza K735. Tisanafike nkomwe pa zolipira zina, wa 7 peresenti watchipa kale ndi K165 kuposa wa 5 peresenti. Pepala la pangano likapanda kunena poyera njira imene akugwiritsa ntchito, pemphani ndandanda ya malipiro a mwezi ndi mwezi yosonyeza chiwongoladzanja pachokha. Ngati chikhala chimodzimodzi kuyambira mwezi woyamba mpaka wotsiriza pamene nkhongole ikuchepa, dziwani kuti akuwerengera pa ndalama zoyamba zija.

Kenaka pali ndalama zimene amadula pa tsiku lolandira. Mayina ake ndi osiyanasiyana: ya fomu, yokonzera mapepala, ya inshuwalansi yoti nkhongole ithe wobwereka akamwalira. Tinene kuti woyamba adula 5 peresenti yokonzera mapepala ndi 2 peresenti ya inshuwalansi. Imeneyo ndi K210, ndiye m'manja mwanu mufika K2,790, ngakhale kuti papepala palembedwa K3,000 ndipo chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa K3,000. Wachiwiri adula 3 peresenti yokha, K90, ndipo mulandira K2,910.

Apa ndi pamene mtengo weniweni umaonekera, ndipo kuupeza sikufuna masamu ovuta. Phatikizani zonse zimene zidzatuluka m'thumba mwanu, ndipo muchotsepo zimene zinalowa m'manja mwanu. Kwa woyamba, K3,900 kuchotsa K2,790, yatsala K1,110. Kwa wachiwiri, mudzabweza K3,735, kuchotsa K2,910, yatsala K825. Kusiyana kwake ndi K285. Amene akhala kutali ndi boma awonjezerepo ndalama ya ulendo: ngati malipiro afuna kuti mukaonekere ku ofesi kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse ukudyerani K40, imeneyo ndi K240 ina imene siilembedwa pa pangano lililonse. Ngati mulipira pa foni, funsani ndalama imene imadulidwa potumiza.

Pali njira yosavuta yosinthira mtengo umenewu kukhala peresenti yoti muyerekezere nayo. Pa nkhongole zonse ziwirizi, ndalama zimene munali nazo zinayamba pa K3,000 ndi kutsika mpaka K500. Pakatikati pake, mwezi uliwonse munali ndi K1,750. Gawani K1,110 ija ndi miyezi 6, mupeza K185 pamwezi. K185 pa K1,750 ndi kupitirira pang'ono 10 peresenti. Nkhongole imene inalengezedwa kuti ndi ya 5 peresenti ikukudyerani kuwirikiza kawiri. Ya wachiwiri, mukaiwerengera momwemo, ifika pafupifupi 8 peresenti. Njirayi ndi yoyerekezera chabe, siifika pa ngwee yeniyeni monga amachitira a ku banki, koma imakwanira kukuonetsani amene ali wodula.

Tsopano za nthawi yobwezera. Mukadandaula kuti K650 pamwezi yakulemerani, woyamba uja adzakuuzani mokoma mtima kuti mutha kubweza m'miyezi 12, ndipo mudzalipira K400 yokha pamwezi. Zoonadi K400 ndi yopepuka. Koma K400 kuchulukitsa ka 12 ndi K4,800, ndipo mukachotsa K2,790 imene munalandira, mtengo wa nkhongoleyo wafika K2,010. Mwapepukitsa mwezi ndi K250, mwawonjezera K900 pa zonse. Sindinena kuti kutalikitsa nthawi n'kolakwa nthawi zonse. Munthu amene sangathedi kupeza K650 ndi bwino asankhe imene angakwanitse kusiyana ndi kulephera ndi kugwidwa katundu. Koma asankhe akudziwa kuti kupepukako waugula pa K900.

Wa kaloba amasokoneza mwa njira ina. Akakupatsani K3,000 ndi kunena kuti mubweze K3,900 pakutha kwa mwezi, mtengo wake ndi K900, wochepa kuposa K1,110 ya woyamba uja, ndipo palibe fomu kapena ulendo. Kusiyana kwake n'kwakuti K900 imeneyi ndi ya mwezi umodzi. Fataleza wothira mu Disembala sabweza ndalama mu Januwale. Mukalephera, ndipo iye n'kuika 30 peresenti yake pa zonse zimene zatsala, mwezi wachiwiri nkhongole ifika K5,070, wachitatu K6,591. Pofika Febuluwale, chimanga chisanakhwime nkomwe, mwapitirira kuwirikiza kawiri. N'chifukwa chake mitengo ya nkhongole ziwiri siiyerekezedwa pokhapokha mutaiika pa nthawi yofanana.

Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa chimene mlimi asiyana nacho ndi munthu wolandira malipiro a pamwezi. Nkhongole ziwiri zoyamba zija zinakonzedwera munthu amene amalandira ndalama mwezi uliwonse. Mukatenga mu Novembala, malipiro ayamba mu Disembala ndi kutha mu Meyi. Onse asanu ndi limodzi agwera pamene chimanga chili m'munda, ndipo awiri a iwo agwera mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe imakhala itatsala pang'ono kutha ndipo ndalama za ana a sukulu zikufunika. Nanga K710 yoyamba ya wachiwiri uja idzachokera kuti? Ngati muli ndi dimba la tomato ndi repu, kapena nkhuku zogulitsa pa masabata 6 alionse, yankho lilipo, ndipo nkhongole ya K825 ndiyo yabwino. Ngati chimanga ndicho chokha mudalira, mudzabweza pogulitsa mbuzi pa mtengo wa njala, kapena pobwereka kwa wa kaloba kuti mulipire wa ku ofesi. Pamenepo K825 ija yasanduka nambala ya papepala chabe.

Kwa mlimi wotero, nkhongole yobweza kamodzi pokolola ikhoza kukhala yoyenera ngakhale ioneka yodula. Tinene kuti kopaletivu kapena gulu lanu losunga ndalama likupatsani K3,000 pa 6 peresenti pamwezi, kubweza zonse pamodzi pakatha miyezi 7, mu Juni, popanda zodula zina. Chiwongoladzanja ndi K180 kuchulukitsa ka 7, K1,260. M'makwacha iposa K825 ndi K1,110 yomwe. Koma pano K3,000 yonse yakhala ikugwira ntchito m'munda mwanu nyengo yonse, simunabwezeko ngakhale ngwee pakati, ndiye 6 peresentiyo ndi 6 peresenti yeniyeni, yotsika kuposa 8 ndi 10 zija. Mwalipira zambiri chifukwa mwagwiritsa ntchito ndalama zambiri kwa nthawi yaitali. Kuwerengera pa ndalama zoyamba kumakhala kolungama pamene ndalama zoyambazo zikadali kwa inu zonse.

Chotsala ndi kuona ngati munda ungaisenze. Sinthani nkhongoleyo kukhala matumba. Mudzabweza K4,260, ngati thumba la makilo 50 mudzaligulitsa pa K300, ndiye matumba 14 ndi pang'ono, ndipo 4 mwa iwo ndi a chiwongoladzanja chokha. Gwiritsani ntchito mtengo wa mu Juni, pamene aliyense akugulitsa ndipo ogula a m'mbali mwa msewu atsitsa mtengo, osati wa mu Januwale. Ndipo ngati mudalira kugulitsa ku FRA, kumbukirani kuti tsiku loperekera chimanga ndi tsiku lolandira ndalama sizikhala tsiku limodzi, pamene tsiku lobwezera nkhongole silisuntha. Funsani musanasaine kuti mukachedwa mwezi umodzi adzawonjezera zingati, ndiponso ngati chilangocho amachiwerengera pa gawo limene mwachedwa nalo kapena pa nkhongole yonse. Pa chitsanzo cha woyamba uja, chilango cha 10 peresenti pa K650 ndi K65, koma pa K3,900 ndi K390.

Funsaninso za kubweza msanga. Kwa amene amawerengera pa ndalama zotsala, mukapeza ndalama m'mwezi wachitatu ndi kulipira zonse, chiwongoladzanja cha miyezi itatu yotsalayo, K105, K70 ndi K35, chiyenera kugwa, ndipo mwapulumutsa K210, pokhapokha pangano litaika chilango cha kubweza msanga. Kwa amene amawerengera pa ndalama zoyamba, mapangano ena amafuna K3,900 yonse ngakhale mutabweza theka la nthawi lisanathe. Yankho lake likhale lolembedwa pa pepala limene mukusaina, ndipo mutenge kope lanu kupita nalo kunyumba.