Mawu Otsiriza a Agogo M'nkhani: Phunziro la kwa Yakobo

M'nkhani zazifupi za m'nyuzipepala ndi m'masewero a pa wailesi, agogo akadwala mwakayakaya timadziwiratu zotsatira. Adzukulu amazungulira mphasa, ndipo nkhalamba imene dzulo imalephera kumeza phala imayala malangizo tsamba lathunthu: kondanani, limbikirani sukulu, lemekezani akulu. Onse m'nyumbamo amalira, koma wowerenga maso ali gwa. Mlembi walira kale m'malo mwake.

Wofuna kuona mmene malo otere amalembedwera bwino atsegule Genesis 48 ndi 49, pamene Yakobo, wa zaka 147, akutsanzika atakhala ku Ejipito zaka 17. Yosefe atamva kuti bambo ake akudwala anatenga ana ake awiri, Manase ndi Efraimu, kukaonana ndi agogo awo.

Nkhaniyi imayamba ndi thupi. Yakobo anachita kudzilimbitsa kuti akhale tsonga pakama. Maso anali atachita mdima, moti anafunsa kuti anyamatawo ndi ayani. Palibe pamene wosimba akutiuza kuti zinali zomvetsa chisoni. Gogo wosazindikira adzukulu ake ali pamaso pake ndi wokwanira kutigwira mtima.

Chachiwiri n'chakuti gogoyu ali ndi ntchito yoti amalize. Akutenga Manase ndi Efraimu kukhala ana ake enieni, kuti alandire cholowa mofanana ndi Rubeni ndi Simiyoni. Ndiye pakati pa nkhani ya cholowayi akupatuka mwadzidzidzi, n'kukumbuka Rakele, mayi ake a Yosefe, amene anamwalira pa ulendo ndipo anamuika m'mbali mwa njira ya ku Efurata. Chikondi cha moyo wake wonse chapatsidwa vesi imodzi yokha, ya 7, ndipo zambiri mmenemo ndi za malo ndi mtunda. Chisoni chikamatuluka pang'ono chonchi, ngati madzi odontha pa mng'alu wa mtsuko, wowerenga amadziwa yekha kuti m'katimo mwadzaza.

Komanso Yakobo sanasanduke munthu wina chifukwa choti akufa. Podalitsa anyamatawo anapingasitsa mikono, dzanja lamanja n'kuliika pamutu pa Efraimu, wamng'ono. Yosefe zinamuipira ndipo anagwira dzanjalo kuti alisunthe, koma nkhalambayo inakana, n'kunena kuti ikudziwa chimene ikuchita. Uyu ndi Yakobo yemwe uja amene analanda madalitso a mkulu wake Esau, bambo awo Isake ali osaona. Wosimba sakutikumbutsa zimenezo, amatisiya tizikumbukire tokha. M'mutu 49 mawu ake ndi aatali ndithu, koma si okoma okhaokha: Rubeni, Simiyoni ndi Levi akudzudzulidwa poyera chifukwa cha zolakwa zawo zakale.

Mlembi wa kwathu kuno angatengepo chiyani? Tiyerekeze kuti akulemba za gogo wa kumudzi amene anayambana ndi mdzukulu wake pa nkhani ya dimba. Polemba koyamba, gogoyo akunena kuti wamukhululukira, amamukonda kwambiri, ndipo adzakumana kumwamba. Polemba kachiwiri, gogoyo akupuma movutikira n'kunena kuti: "Iwe, malire a dimba lija ndi pa mtengo wa mango. Amalume ako asakunamize. Khasu langa lili kuseri kwa nkhokwe." Mdzukuluyo akuyankha kuti, "Ndamva, agogo," n'kuwakonzera chofunda. Liwu loti kukhululuka silinatchulidwe, koma dimba ndi khasu zaperekedwa kwa amene anakangana naye. Mawu afupiafupiwa akugwirizananso ndi mmene wodwala wofooka amayankhulira, poti mpweya sumulola kulalikira.

Kudziletsa nako kuli ndi malire. Gogo akangotchula katundu popanda pomwe mtima ukuonekera, zimamveka ngati kuwerenga wilo. Pafunika pamodzi pomwe liwu likunjenjemera, monga Yakobo anachitira atapsompsona adzukulu ake, n'kuuza Yosefe kuti sankayembekezera kudzaonanso nkhope yake, koma tsopano waona ndi ana ake omwe.

Pali njira yoyesera zimene mwalemba. Chotsani dzina la gogoyo, muone ngati mawuwo angayankhulidwe ndi nkhalamba ina iliyonse. Ngati angatero, ndiye kuti mwalemba ulaliki. Onaninso pomwe misozi yayambira. Yakobo anamaliza ndi malangizo a maliro ake, kuti akamuike ku phanga la Makipela kumene anaika Leya, kenako anabweza miyendo yake pakama n'kumwalira. Kulira kwa Yosefe kukubwera pambuyo pake, pa vesi yoyamba ya mutu 50.

Inu amene mukulemba nkhani yotere, mupatseni gogo wanu chinthu chimodzi choti amalize ndi dzina limodzi lomupweteka mtima, ndipo adzukulu asayambe kulira iye asanatsirize kuyankhula.