Madigiri 56: pomwe kunyezimira kwa galasi kumazimiririka

Mu 1808, mumzinda wa Paris, katswiri wa sayansi Étienne-Louis Malus ankayang'ana kuwala kwa dzuwa lolowa komwe kunkanyezimira m'mawindo a nyumba yachifumu ya Luxembourg. Ankayang'anira mu kamwala koonekera mkati, kotchedwa kalisaiti. Atakapotoza pang'onopang'ono, anadabwa kuona kunyezimirako kukuchepa kenako n'kubwereranso. Galasi wamba la pawindo linali litasintha kuwala kwa dzuwa. Patapita zaka zingapo, mu 1815, David Brewster wa ku Scotland anafalitsa lamulo losonyeza ngodya yomwe kusinthaku kumafika pachimake. Mpaka lero ngodyayi imatchedwa ndi dzina lake.

Kodi chimasintha n'chiyani? Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafundewo amagwedezeka mopingasa njira yomwe akuyenda. Mangirirani chingwe kumtengo, mugwire kunsonga kwinako. Mukhoza kuchigwedeza mokweza ndi kutsitsa, kapena uku ndi uku cham'mbali, koma funde limathamangabe kulowera kumtengo. Kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu kuli ndi magwedezedwe onsewa mosakanikirana. Pamene mwatsala mafunde ogwedezeka mbali imodzi yokha, a fiziki amati pachitika polalaizeshoni.

Kuwala kukagwa pa galasi kumagawikana: kwambiri kumalowa mkati, kochepa kumabwerera. Kukagwa molunjika kuchokera pamwamba, nkhope imodzi ya galasi imabweza magawo 4 okha pa 100, ndipo mafunde onse amabwerera mofanana. Koma kukayamba kugwa mopendekeka, galasi limayamba kukondera. Tiyerekeze kuti galasilo lagonekedwa patebulo. Mafunde ogwedezeka cham'mbali, motsata nkhope ya galasi, amabwerera ochulukirachulukira. Enawo amanka nachepa mpaka pa ngodya ina pomwe sabwereranso n'komwe, onse amalowa mkati. Pamenepo kunyezimira konse komwe kukufika m'maso mwanu n'kwa mtundu umodzi. Ndiyo ngodya ya Brewster imeneyo. Mukaipitirira, mafunde osowa aja amayambanso kubwerera.

Chifukwa chake n'chokoma kuchimva. Kuwala kukalowa m'galasi kumakhota pang'ono, kenako kumagwedeza maelekitironi a m'galasimo. Maelekitironi ogwedezekawa ndi amene amatulutsa kuwala kobwerera kuja. Koma elekitironi ili ndi khalidwe lake: imatumiza kuwala m'mbali mwake, situmiza kumene ikulozera pogwedezeka. Tsono pa ngodya ya Brewster, mzere wa kuwala kolowa m'galasi ndi mzere wa kuwala kobwerera zimapanga madigiri 90 ndendende. Zikatero, mtundu wachiwiri uja wa magwedezedwe umalozera kwenikweni kumene kuwala kobwerera kumayenera kupita, choncho kumeneko sutumizako kanthu.

Lamulo la Brewster n'lalifupi: tan θ = n. Chilembo θ chikuimira ngodya, pamene n ndi nambala yosonyeza mmene chinthu chimachedwetsera ndi kukhotetsa kuwala kochokera mumpweya. Galasi wamba la pawindo lili ndi n wa pafupifupi 1.5. Pa kalikuleta ya sayansi, onetsetsani kuti ili pa madigiri, dinani tan⁻¹ ndi 1.5, ndipo mupeza 56.3. Kuwala kolowa m'galasi pa nthawiyi kumapendekeka madigiri 33.7, ndipo 56.3 kuphatikiza 33.7 ndi 90, monga tanenera. Madzi, omwe n wake ndi 1.33, amapereka madigiri 53. Dayamondi, wa 2.42, amapereka 67.5.

Apa m'pamene ana asukulu ambiri amaphonyera mayeso: ngodyayi siyezedwa kuchokera pa nkhope ya galasi ayi. Imayezedwa kuchokera pa mzere woima njo pamwamba pa galasilo. Mukayeza kuchokera patebulo mupeza madigiri 34, ndipo mudzayesa kuti buku lanama.

Kuti muipeze nokha simufunika labotale. Pezani chidutswa cha galasi la pawindo, nsalu yakuda, tochi yaing'ono, tepi yoyezera ndi magalasi a dzuwa a polalaizi. Magalasiwa ayeseni kaye, chifukwa ambiri ogulitsidwa pamsika n'ngongodetsedwa chabe. Yang'anirani sikirini ya laputopu kapena ya kalikuleta kwinaku mukuwazunguza; akakhala enieni, sikiriniyo imada bii penapake.

Yalani nsalu patebulo m'chipinda chamdima, muike galasi pamwamba pake. Nsalu yakuda ikufunika kuti kuwala kodutsa galasi kusabwererenso n'kusokoneza. Ikani tochi pa mulu wa mabuku mbali ina ya galasi, itaweramira pagalasipo. Inu khalani mbali inayo, mwavala magalasi aja, mutu uli chilili. Magalasi a polalaizi amapangidwa kuti atseke mafunde ogwedezeka cham'mbali, omwe ndi amene galasi logona limabweza. Tsinzinani diso limodzi, muyang'ane chithunzi cha tochi m'galasimo, kenako muzikweza ndi kutsitsa mutu pang'onopang'ono. Chithunzicho chidzayamba kuzilala, chidzafika pothima pafupifupi, kenako chidzayambanso kuwala. Imani pomwe chathima kwambiri. Kuti mutsimikize, pendeketsani mutu cha kuphewa: tochi ija idzaonekanso.

Tsopano mnzanu ayeze zinthu zitatu: kutalika kwa tochi kuchokera pa galasi, kutalika kwa diso lanu kuchokera pa galasi, ndi mtunda wa patebulo kuchokera pansi pa tochi kufika pansi pa diso. Tinene kuti tochi ili pa masentimita 30, diso pa masentimita 50, ndipo mtunda ndi masentimita 120. Phatikizani 30 ndi 50, mupeza 80. Gawani 120 ndi 80, yankho ndi 1.5. Nambala imeneyi ndiye tan θ, kutanthauza kuti ngodya ndi madigiri 56.3. Komanso, malinga ndi lamulo lija, nambala yomweyo ndiye n wa galasi lanu. Kwa ine apa ndi pamene pagona kukoma kwa nkhaniyi: ndi tepi ya telala mwayeza mmene galasi limachedwetsera kuwala, osalisweka kapena kulowamo.

Musayembekezere kulondola kwenikweni. Mdima wa chithunzicho sugwa pa malo amodzi akuthwa, umatambalala, ndipo diso limavutika kusankha pakati penipeni. Kuphonya ndi digiri imodzi yokha kumasuntha n kufika pa 1.44 kapena 1.56. Njira yabwino ndi kupeza malo awiri, pamwamba ndi pansi, pomwe chithunzi chikuwala mofanana, n'kutenga pakati pake, kenako kubwereza kangapo. Kachiwala kochepa kotsalira kasakudetseni nkhawa: n amasiyana pang'ono pakati pa kuwala kofiira ndi kobiriwira ngati thambo, choncho mtundu uliwonse uli ndi ngodya yakeyake, ndiponso magalasi a dzuwa satseka zonse.

Chithunzi chikakana kuthima konse, yang'anani galasi lomwe mwatenga. Kalilole sagwira ntchitoyi, poti kuwala kwake kumabwerera pa chitsulo chopakidwa kumbuyo, ndipo chitsulo chilibe ngodya yomwe mtundu umodzi wa mafunde umatheratu. Galasi lopakidwa zoteteza ku dzuwa, monga la m'nyumba zina zamaofesi, nalonso limasokoneza. Koma nkhope yapansi ya galasi wamba sivuta. Kuwala kumaifikira pa madigiri 33.7, yomwe ndi ngodya ya Brewster ya kuwala kochoka m'galasi kupita mumpweya, motero zithunzi ziwiri zonse, cha pamwamba ndi cha pansi, zimathimira limodzi.