Zikomo wa bwana pa phwando la Disembala

Chaka cha 2023 chinawakhaulitsa eni malesitilanti a mu Blantyre. Chinayamba ndi kolera, anthu n'kumaopa kudya kunja kwa nyumba zawo. M'mwezi wa Malichi namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, ndipo mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mafuta ophikira, mpunga ndi nkhuku zinakwera mtengo pamene makasitomala anali atachepa kale. Pakatha chaka chotere, kodi mwini malo akaimirira pa phwando la antchito ake anene chiyani?

Ambiri amathokoza mwachisawawa: "Nonse mwagwira ntchito yotamandika." Mawuwa safika pamtima pa aliyense, chifukwa munthu amene wakhala chaka chonse manja ali m'madzi a sopo amafuna kudziwa ngati bwana anamuona. Kuthokoza kwenikweni kumatchula munthu ndi chimene anachita.

Tiyerekeze lesitilanti yaing'ono ya ku Limbe, ya antchito asanu ndi atatu. Mwini wake angayambire kukhitchini, kumene makasitomala safikako: "Amayi athu ophika, magetsi atazima munasonkha mbaula, nsima ya masana n'kupsa pa nthawi yake. Inu achimwene otsuka mbale, nthawi ya kolera simunaiwale kuthira kolorini m'ndowa ya pakhomo, ndipo palibe amene anadwalira pano. Bambo athu alonda, nyumba yanu itagwa ndi mvula ija munabwerabe kuntchito." Operekera zakudya amamva zikomo wa makasitomala tsiku ndi tsiku, choncho enawa ndiwo ayenera kutsogola. Ndi bwino kulemberatu mayina papepala. Pa anthu asanu ndi atatu, mmodzi akaiwalika amapita kwawo ndi chilonda, ndipo anzake onse amaona.

Povuta ndi pa ndalama. Ngati malipiro ankachedwa, bwana avomereze ndi pakamwa pake ndi kupepesa. Antchito akudziwa kale, ndiwo ankakongola ufa kugolosale. Ngati bonasi palibe, anene poyera, osalonjeza kukweza malipiro mu Januwale asanawerengere. Ine ndimaona kuti lonjezo losakwaniritsidwa limapweteka kuposa kukhala chete, chifukwa munthu amakhala atauza kale banja lake kuti fizi ya ana yapezeka. Kathumba ka shuga ndi botolo la mafuta zoperekedwa m'manja usiku womwewo zimalemera kuposa mawu okoma a chaka chamawa.

Phwando si bwalo la milandu. Za mbale zosweka ndi kuchedwa kuntchito zidikire tsiku lina. Mphindi zisanu n'zokwanira, chakudya chisanazizire. Ndipo wophika asamvere mawuwa ali pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja: tsiku limenelo bwana apeze wina wophika, kapena amange yekha epuloni, antchito akhale pansi awaperekere.