Mphuno zikatsekeka, khanda siligona: chochita kusanache

Juni ndi Julaye akafika, chiperoni chikuwomba ku Thyolo ndi ku Mulanje, chisanu chikuluma ku Dedza, m'nyumba zambiri za makanda tulo timasowa. Mwana akaikidwa pamphasa kapena pabedi amadzidzimuka, m'mphuno mukulira fwee fwee. Akapatsidwa bere amayamwa kawiri katatu n'kulilavula, kenako kulira. Mayi amayamba kudzikayikira kuti mwina mkaka wachepa, agogo nawo akuti mwana waona chinachake. Kawirikawiri nkhani yake ndi mamina basi.

Munthu wamkulu mphuno zikatsekeka amangotsegula pakamwa n'kupitiriza kugona. Khanda la miyezi yoyambirira limadalira kwambiri mphuno popuma, ndipo timabowo take n'tating'ono moti mamina ochepa chabe amatitseka. Silithanso kumina. Poyamwa, pakamwa pamakhala podzaza ndi bere, choncho mphuno ikatsekeka limayenera kusankha pakati pa kuyamwa ndi kupuma. Limasankha kupuma, n'kugona ndi njala, ndipo njalayo imalidzutsanso posakhalitsa. Ndiye ntchito ya usikuwo ndi imodzi: kutsegula mphuno mwana asanayamwe.

Titenge mwana wa miyezi 4 amene wadwala chimfine kwa masiku awiri. Thupi silikutentha, masana amaseka, koma usiku akukanika kuyamwa. Chimene chingamuthandize ndi madzi amchere odontheza m'mphuno. Abwino ndi a kufamase, a mchere wa 0.9 peresenti, omwe mulibe mankhwala ena alionse. Ngati famase ili kutali, wiritsani madzi, muyeze kapu imodzi ya mamililita 250, musungunulemo mchere wosapitirira theka la supuni yaing'ono ya tiyi, ndipo muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Mchere ukachuluka umawawa m'mphuno. Madzi opanga nokhawa musagone nawo masiku. Otsala tayani, mawa mupange ena.

Sambani m'manja, mumugoneke mwana chagada pamiyendo panu, mudonthezere dontho limodzi kapena awiri m'bowo lililonse. Adzalira, mwinanso kuyetsemula, ndipo kuyetsemulako n'kwabwino chifukwa kumatulutsa mamina. Dikirani pafupifupi mphindi imodzi kuti zouma zifewe. Kenako potani kansalu kofewa koyera, mupukute zimene zafika pakhomo pa mphuno. Musalowetse kamtengo ka machesi, nthenga kapena kathonje ka m'makutu, chifukwa m'kati mwa mphuno ya khanda simuchedwa kusupuka ndi kutupa. Amene ali ndi kampira koyamwira mamina akafinye kaye, aike kansonga kake pakhomo pa mphuno, atayirire pang'onopang'ono, ndipo akatha akatsuke ndi sopo. Kampirako sikogwiritsa ntchito mphindi iliyonse: katatu kapena kanayi patsiku n'kokwanira, kupitirira apo mphuno imatupa n'kutsekeka kuposa poyamba.

Mukatero muyamwitseni nthawi yomweyo, mutamukhazika mokweza mutu. Ngati akutopa msanga, ayamwe pang'ono koma pafupipafupi. Wosakwana miyezi 6 safuna madzi, tiyi kapena zitsamba. Mkaka wa m'mawere ndi womwewo umene ukufewetsa mamina. Akatha kuyamwa mumunyamule chilili paphewa kwa kanthawi, inu muli maso. Akagona, mumuike chagada pamalo olimba, popanda pilo. Pano ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino: amamutsamiritsa pilo kapena kumugoneka chafufumimba kuti mamina atsike. Mutu wa khanda ndi wolemera, khosi n'lofooka, ndipo pilo akhoza kupinda khosilo kapena kutseka nkhope.

Palinso mbaula. Kukazizira, anthu amailowetsa kuchipinda n'kutseka mawindo onse kuti mwana afundidwe. Utsi wa nkhuni, wa makala ndi wa fodya umatupitsa m'mphuno, ndipo makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Mbaula itsale panja. Mwana avale chovala chimodzi choposa chimene inu mwavala, osati kumukwirira mabulangete mpaka thukuta.

Ineyo chimene chimandidetsa nkhawa si mamina, koma zimene timathamangira kugula pagolosale. Mafuta opaka onunkhira mwaukali aja, amene akuluakulu timadzola pachifuwa tikadwala chimfine, sayenera mwana wosakwana zaka 2, ndipo kumupaka m'mphuno n'koopsa. Mankhwala akumwa a chifuwa ndi chimfine sathandiza khanda, ena amangoligonetsa mwaulesi. Uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka. Nanga bakitirimu kapena amokisilini wotsala wa mkulu wake? Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo mankhwala amenewa sawapha. Mamina kusanduka achikasu kapena obiriwira pakapita masiku angapo ndi mmene chimfine chimayendera, si umboni woti pakufunika makapisozi. Nthawi zambiri chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10, ngakhale kachifuwa kamatsalira.

Komabe chibayo chimayamba ngati chimfine chomwechi, ndipo njira yosiyanitsira ili m'manja mwa kholo lililonse lomwe lili ndi wotchi kapena foni. Tsegulani kaye mphuno, dikirani mwana akhale bata kapena agone, mukweze malaya ake, muwerenge kukwera kwa mimba kapena chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Kukwera ndi kutsika ndi mpweya umodzi. Musawerenge theka la mphindi n'kuwirikiza, chifukwa makanda amapuma mothamanga kenako n'kuima pang'ono. Malire amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika, omwenso azachipatala kuno amatsata, ndi awa: wosakwana miyezi 2 akupuma mothamanga akafika ka 60 pamphindi, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, ndipo wa chaka chimodzi kufikira asanakwane zaka 5 akafika ka 40.

Mwana wathu wa miyezi 4 uja mukamuwerenga n'kupeza 42, atayamwa bwino ndipo matewera akunyowa monga mwa masiku onse, mukhoza kupitiriza madzi amchere n'kumamuyang'anira. Mukapeza 56, werenganinso. Zikabwereza, muoneni ngati wachibayo mpaka achipatala atamuyeza, ndipo apite tsiku lomwelo. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwino akamakoka mpweya chifuwa chonse chimatukuka; ngati m'munsimo mukulowa m'kati, akuvutika kupuma.

Zina sizidikira n'komwe kuti kuche. Nthiti kulowa m'katiko, kubuula popuma, milomo kapena lilime kuda, kukaniratu bere ngakhale mphuno yatseguka, kusanza chilichonse, kukomoka, kapena kufooka moti sakudzuka bwino mukamugwedeza, zonsezi n'zodzutsira wanjinga usiku womwewo. Kutentha thupi nakonso sikoti muzingoti ndi chimfine: kuno kwathu kukhoza kukhala malungo, ndipo chodziwira ndi kuyeza magazi. Panado amatsitsa kutentha koma sachiza chimene chakuyambitsa.

Msinkhu wa mwana umasinthanso nkhani. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi kufika madigiri 38, lipite kuchipatala msanga ngakhale likuoneka bwino. Losakwana miyezi 2 likhozanso kuonetsa matenda aakulu pozizira thupi m'malo motentha. Alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi amathandiza ana oyambira miyezi 2 mpaka osakwana zaka 5, ndipo wocheperapo amamutumiza kuchipatala chokulirapo, choncho ndi bwino kulunjika komweko.

Popita tengani buku lake lakuchipatala, muwauze achipatala tsiku limene chimfine chinayamba, nambala imene munapeza powerenga mpweya, ndi mankhwala alionse amene mwamupatsa kale, ngakhale a pagolosale kapena azitsamba. Musabise, chifukwa thandizo limene amupatse lidalira zimenezo.