Fupa, mnyanga kapena pulasitiki?

Alendo ku Senga Bay akandionetsa chibangili chachikale n'kufunsa ngati ndi mnyanga wa njovu, ndimayamba ndi kuwaletsa kuchiyesa ndi singano yamoto. Imasiya bala, ndipo seluloidi, pulasitiki yakale yotsanzira mnyanga, imayaka msanga. Galasi lokuzira zinthu ndi kuwala kwa dzuwa n'zokwanira.

Yambani ndi pamwamba pake. Fupa lili ndi timadontho ndi timizere takuda, momwe munkadutsa mitsempha ya magazi. Litsiro likalowamo, timaoneka bwino. Mnyanga ulibe timabowo totere, ndi wosalala. Kenako yang'anani kumapeto komwe adadula mopingasa. Mnyanga wa njovu umaonetsa mizere yokhota yodutsana ngati ukonde wa asodzi, yotchedwa mizere ya Schreger. Dzino la mvuu, lomwenso limasemedwa, lilibe mizereyi. Lili ndi timizere tothinana tozungulira pakati.

Seluloidi imanyenga chifukwa opanga ankaiika mizere dala. Koma mizere yake ndi yowongoka, yotalikirana mofanana, ndipo siidutsana. Seluloidi ndi yopepuka m'manja, siizizira pa tsaya ngati fupa kapena mnyanga, ndipo mukaipukuta ndi chala mpaka itafunda, nthawi zina imanunkha kamfa. Mtundu wachikasu usakupusitseni: zonsezi zimachita chikasu zikakalamba.

Mukaona ukonde uja, musagule. Lamulo la Malawi loteteza nyama zakutchire, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, limalanga wopezeka ndi mnyanga popanda chilolezo.