Musanagule Neti, Yambani Mwawerenga Thumba Lake

Amayi anzanga, mvula ikayamba ndipo udzudzu ukachuluka, ambiri a ife timapita ku sitolo kukafuna neti. Tikafika kumeneko timaigwira ndi dzanja kuti timve ngati ili yofewa, timasankha mtundu wokongola, kenaka timafunsa mtengo. Koma chimene chidzateteza mwana wanu ku malungo sichimveka ndi dzanja iai. Chalembedwa pa thumba lija timang'amba ndi kutaya tikangofika kunyumba.

Choyamba kufuna pa thumbapo ndi mankhwala. Inu amene muli aakulu mukukumbukira maneti a Chitetezo, amene tinkawanyika m'beseni ndi mankhwala a M'bwezera Chitetezo. Maneti a masiku ano sanyikidwa kunyumba. Mankhwala ake amaikidwa kufakitale komweko, ndipo amayembekezeka kupirira kuchapidwa ka 20, kapena zaka zitatu za ntchito. Kwa nthawi yaitali maneti onsewa ankadalira mankhwala a banja limodzi lotchedwa pairefiroidi. PermaNet 2.0 ndi Olyset Net ndi a m'gulu limeneli. Tsono udzudzu wofalitsa malungo kuno kwathu, makamaka wa kuchigwa cha Shire ndi wa m'mbali mwa nyanja, unazolowera mankhwalawa. Wambiri umatera pa neti, nkuuluka uli wamoyo.

Kaamba ka vutoli, opanga maneti anaonjezamo mankhwala achiwiri. Mukaona zilembo zitatu za PBO pa thumba, dziwani kuti muli mankhwala amene amafoola mphamvu ya udzudzu yosukulutsa poizoni m'thupi mwake, kotero kuti mankhwala akale aja amayambanso kupha. Olyset Plus ndi PermaNet 3.0 ndi otere, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse linavomereza maneti a PBO m'chaka cha 2017. Palinso Interceptor G2, imene mankhwala ake achiwiri amapha udzudzu mwa njira ina, pouthera mphamvu m'thupi. Maneti a mtundu umenewu bungwelo linawalimbikitsa m'chaka cha 2023 kumadera kumene udzudzu unapima. Mankhwala ake amapha pang'onopang'ono, mwina mpaka masiku atatu, choncho mukaona udzudzu watera pa netiyo osagwa pomwepo musafulumire kunena kuti mwapatsidwa yachabe. Kawirikawiri maneti otere amabwera kudzera kwa a zaumoyo, pa nthawi yogawa kapena kusikelo. Ngati munalandira yotere nkuisunga m'sutikesi kudikira alendo, kaitulutseni lero.

Chachiwiri ndi ulusi. Pa thumba pamakhala nambala ya deniya, imene imanena kunenepa kwa ulusi: 75, 100 kapena 150. Nambala ikakula, ulusi ndi wonenepa. Maneti a poliyesita, monga PermaNet 2.0, amakhala a 75 kapena 100. Ndi ofewa, amagwa bwino ngati nsalu, ndipo mankhwala ake anapakidwa pamwamba pa ulusi. Maneti a poliyetilini, monga a Olyset, ulusi wake ndi wokhakhala ngati wa mbedza, wa 150, ndipo mankhwala ali m'kati mwa ulusi weniweniwo. Mukachapa, ena amatuluka pang'onopang'ono kudzalowa m'malo mwa amene achoka. Amayi ambiri amadana ndi neti yokhakhalayi. Ine sindiwadzudzula, pakuti siikoma kukhudza, ndipo ina imafupika ikakhalitsa. Koma pakati pa maneti awiri a poliyesita, musatenge ya 75 pamene ya 100 ilipo.

Za maso a neti sitichedwapo, ngakhale kuti ndi pamene anthu amakangana kwambiri. Neti wamba imakhala ndi maso 156 pa malo a inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kuti muyese nokha, boolani pa pepala kazenera ka sentimita imodzi mbali zonse, mukaike pa neti, ndipo muwerenge maso amene akuoneka: akhale 24 kapena 25. Olyset Net ili ndi maso aakulu kuposa pamenepa, ndipo anaipanga dala motero kuti mphepo izilowa. Pa neti ya mankhwala maso otere sadetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa udzudzu sulowa pa diso uli kuuluka. Umayamba watera ndi kuyenda pa ulusi, ndipo pamenepo umakumana ndi mankhwala. Koma pa neti yopanda mankhwala, maso aakulu ndi khomo lotsekula. Maso aang'ono kwambiri nawonso ali ndi vuto lake. M'mwezi wa Novembala, ku Nsanje kapena ku Salima, munthu amene ali m'kati mwa neti yotere amatuluka thukuta nkuikankhira pambali pakati pa usiku, pa nthawi imene udzudzu wa malungo umaluma.

Tsopano tiyerekeze kuti mwalowa m'sitolo kukagulira neti ana anu awiri amene amagona pa mphasa. Wogulitsa wakuonetsani zitatu. Yoyamba yapachikidwa pakhomo, yofewa, ya mphonje zokongola, yopanda thumba. Imeneyi isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ili ndi mankhwala, pakuti mankhwalawa saoneka ndi maso ndipo palibe cholembedwa chomuikira umboni. Yachiwiri ndi PermaNet 2.0 ya deniya 100, yachitatu ndi Olyset Plus. Kwa ana ogona pa mphasa, ine ndingatenge yachitatu. Ili ndi PBO, ndiponso nsonga za bango za m'mphepete mwa mphasa zimakola ndi kung'amba ulusi wofewa usiku uliwonse mukamapinda neti pansi pake. Ngati ndalama zingokwanira yachiwiri, igulenibe, chifukwa neti yosang'ambika imatchinga udzudzu ngakhale wopima uja. Koma yambani mwasokerera kansalu m'mphepete mwa mphasayo. Musanalipire, onani kuti thumba ndi lomata, dzina la opanga ndi tsiku lopangira zalembedwa, ndipo miyeso yake ndi yokwana. Neti yaifupi imakokeka, imang'ambika msanga pa zingwe zake, ndipo mwana amagona atatsamira ulusi, udzudzu nkumuluma uli kunja.

Mukafika nayo kunyumba, iyanikeni pamthunzi tsiku limodzi lathunthu musanagonemo, kuti isakuyabweni kumaso. Pa kachapidwe, werengani nokha: mukamachapa mwezi ndi mwezi, kuchapa ka 20 kuja kumatha miyezi 20 yokha, zaka ziwiri zisanakwane. Kamodzi pa miyezi itatu nkokwanira, m'madzi ozizira ndi sopo wamtanda, osafikisa pa mwala, osathira mankhwala oyeretsera zovala, ndipo kuyanika kwake ndi pamthunzi. Madzi ake musatayire mu mtsinje kapena m'dziwe, chifukwa amapha nsomba. Pa neti ya PBO samalani koposa, pakuti PBO imatha msanga kusiyana ndi mankhwala anzake aja.

Komabe maneti ambiri amatha ndi zibowo mankhwala akadalimo. Makoswe, koloboyi, misomali ya pa bedi ndi ana osewera masana ndiwo amawononga, ndiye kukacha muziimanga m'mwamba. A zaumoyo akamayesa neti amayeza chibowo ndi chala chachikulu, chibakera ndi mutu wa munthu. Chitani chimodzimodzi Loweruka lirilonse poyalula zogonera. Cholowa chala chisokeni tsiku lomwelo ndi ulusi wamba. Cholowa chibakera chiikeni chigamba. Koma ngati zibowo zolowa mutu zafika zingapo, makamaka m'munsi mmene mwana amatsamira, yambani kufuna neti ina, ngakhale zaka zitatu zija zisanakwane.